Uthenga wojambula woitanira anthu ku msonkhano wa m'dera

"Achimwene, komiti ya m'dera lathu yandipempha kuti ndijambule mawu pa foni oitanira anthu ku msonkhano wokambirana za ngalande yomwe yatsekeka. Ndayesa katatu, koma akuti ndikuthamanga ndipo sakumva bwino. Kodi ndilembe zotani, ndipo ndiziwerenge bwanji?"

Achemwali, ndamvetsera zonse zitatu zimene munatumiza m'gulu lathu la banjali. Mawu anu ndi omveka ndiponso aulemu, koma vuto ndaliona poyambira penipeni, pamene munayamba kujambula musanalembe kalikonse papepala. Munthu amene akujambula asanalembe amakhala akuganiza ndi kulankhula nthawi imodzi, choncho amathamanga pa zimene akuzidziwa bwino, monga tsiku ndi malo, n'kumachedwa pa malonje ndi pa kufotokoza mbiri ya vutolo. Womvera amafuna tsiku, nthawi ndi malo zinenedwe modekha, ndipo mbiri ya ngalandeyo akaimva akafika ku msonkhano.

Kumbukirani kuti amene akuwerenga kalata akhoza kubwerera pa mzere umene sanaumvetse, pamene womvera pa foni, makamaka wachikulire kapena amene ali pakati pa phokoso, kawirikawiri amamva kamodzi kokha n'kuika foniyo pansi. N'chifukwa chake chiganizo chilichonse cha uthengawu chinyamule nkhani imodzi yokha, ndipo chikhale chachifupi moti mungachinene osapumira pakati. Ndakulemberani chitsanzo ichi, ndipo tsiku, nthawi ndi malo ndangoikapo zongoyerekeza, inu musinthe muike zenizeni:

"Moni nonse okhala m'dera lathu.
Uwu ndi uthenga wochokera ku komiti ya m'dera.
Tikukuitanani ku msonkhano wokambirana za ngalande yomwe yatsekeka.
Msonkhanowu udzachitika Loweruka, pa 14 Juni.
Udzayamba nthawi ya 2 koloko masana, ndipo udzatha nthawi ya 4 koloko.
Malo ake ndi pa bwalo la sukulu ya pulaimale.
Tikupempha kuti banja lililonse litumize munthu wamkulu mmodzi.
Ndibwerezenso: Loweruka pa 14 Juni, 2 koloko masana, pa bwalo la sukulu ya pulaimale.
Amene ali ndi funso aimbe pa nambala yomwe yatumiza uthengawu.
Zikomo kwambiri chifukwa chomvetsera."

Muona kuti ndaika chiganizo chilichonse pa mzere wakewake. Mukamakopera papepala muchitenso chimodzimodzi, ndipo mulembe ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa mapeto a mzere ndiwo adzakukumbutseni kupuma. Uthenga wonsewu uli ndi mawu osakwana 90, ndipo mukauwerenga modekha, mukupuma pa mapeto a mzere uliwonse, uyenera kutenga mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Muike wotchi patsogolo panu poyeserera. Mukapeza kuti mwamaliza m'masekondi 45, dziwani kuti mukuthamangabe, ngakhale inuyo mukudzimva ngati mukulankhula pang'onopang'ono. Ukapitirira mphindi ziwiri, ndiye kuti mwaonjezera nkhani zina zosafunika, ndipo anthu ambiri adzauzimitsa usanafike pamene mwabwereza tsiku ndi malo.

Mizere itatu yoyambirira ndi yofunika kwambiri kuposa mmene imaonekera. Munthu akalandira uthenga wa mawu amene sakuwazindikira, amayamba wadzifunsa kuti akulankhulayu ndani ndipo akufuna chiyani, ndipo ngati sanayankhidwe msanga amaganiza kuti ndi otsatsa malonda kapena akuba a pa foni. Pa kujambula kwanu kwachiwiri munatha nthawi yaitali mukupereka malonje ndi kupepesa chifukwa chosokoneza anthu, ndipo mawu akuti msonkhano anamveka kumapeto kwenikweni. Moni umodzi ndi wokwanira, kenako munene amene watuma uthengawo ndi chimene chikukambidwa. Ngati anthu ambiri a m'deralo amakudziwani, mukhoza kutchula dzina lanu ndi udindo wanu pa mzere wachiwiri, pakuti dzina lodziwika limachotsa kukayika mwamsanga. Ponena za mutu wa msonkhano, musanene kuti tidzakambirana nkhani zosiyanasiyana zokhudza dera lathu, chifukwa palibe amene amasiya ntchito zake kuti akamve nkhani zosiyanasiyana. Tchulani ngalandeyo, ndipo musaloze chala munthu aliyense amene akuganiziridwa kuti ndiye amatayamo zinyalala, popeza uthenga wojambula umayenda kutali ndipo ukatuluka simungaubweze.

Tsopano ndifike pa tsiku, pamene anthu ambiri amalakwitsa. Musanene kuti mawa, mkuja kapena sabata yamawa, chifukwa inu mudzajambula lero koma wina adzamvetsera patapita masiku awiri, kapena adzalandira uthengawo kuchokera kwa mnzake, ndipo mawa lake silidzakhala mawa lanu. Nenani dzina la tsiku pamodzi ndi deti, kuti chimodzi chizitsimikizira chinzake, ndipo muyang'ane pa kalendala kuti ziwirizo zikugwirizanadi musanajambule. Ngati msonkhano uli pakati pa sabata musamale koposa, chifukwa Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu onse amayamba mofanana, ndipo chimene chimawasiyanitsa chili kumapeto kwa liwu, kumene munthu wothamanga amameza. Kokani pang'ono mapeto a liwulo, ndipo musatsitse mawu musanalimalize.

Manambala nawonso ali ndi vuto lawo. Ambirife timatchula madeti m'Chingerezi, ndipo pa foni 13 ndi 30, 14 ndi 40, kapena 15 ndi 50 amamveka ngati amodzi. Pa deti, 40 ndi 50 sangasokoneze munthu chifukwa palibe mwezi wofika masiku amenewo, koma 13 ndi 30 akhoza kuchititsa banja kubwera patatha milungu iwiri msonkhano utachitika kale. Zikatero muonjezere kachiganizo kofotokoza, monga kunena kuti pa 13, ndiye kuti 1 ndi 3. Pa nthawi musaiwale kunena kuti ndi m'mawa, masana kapena madzulo. Ndaikamonso nthawi yothera mwadala, chifukwa mayi amene ali ndi ana aang'ono kapena bambo amene ali ndi ntchito ina amavomera kubwera mosavuta akadziwa kuti adzamasuka nthawi yanji. Koma komiti ikalonjeza 4 koloko, iyenera kusungadi nthawiyo, apo ayi uthenga wotsatira anthu sadzaukhulupirira.

Za malo ndinena mwachidule. Tchulani dzina limene anthu amalitchula tsiku ndi tsiku, ngakhale litakhala losiyana ndi lolembedwa pa chikwangwani, ndipo ngati sukuluyo ili ndi zipata ziwiri munene cholowera. Nambala ya foni ndaipewa m'chitsanzomu chifukwa womvera sakhala ndi cholembera m'manja. Ngati kuli kofunika kuitchula, muiwerenge m'magulu a manambala atatu kapena anayi, mukupuma pakati pa magulu, ndipo muibwereze kawiri m'magulu omwewo osasintha.

Kulankhula pang'onopang'ono kumene akukupemphaniko ambiri sakumvetsa bwino. Amayamba kukoka liwu lililonse ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga, ndipo zotsatira zake n'zakuti uthengawo umatopetsa, komanso akuluakulu ena amaona ngati akuderedwa. Chimene chimathandiza womvera ndi kupuma pakati pa ziganizo, chifukwa m'kanthawi kachete kameneko ndi mmene amasungira zimene wangomva. Mawu enieniwo muwatchule monga mmene mungalankhulire ndi munthu wamkulu amene mumamulemekeza atakhala patsogolo panu, koma mukafika pa mapeto a mzere muwerenge chamumtima kuti imodzi, ziwiri, kenako mupitirize. Pa mzere wobwereza uja mupumenso pa mpumiro uliwonse, ndiye kuti mukanena tsiku mupume, mukanena nthawi mupume, kenako munene malo. Ndimakonda kuimirira pojambula, chifukwa mpweya umakwanira bwino kuposa mutakhala mowerama, ndipo mawu sazilala kumapeto kwa chiganizo.

Foni yenyeniyo muigwire motalikirana ndi pakamwa pafupifupi masentimita 15 mpaka 20, ndipo maikolofoni, yomwe pa mafoni ambiri imakhala kumunsi, isayang'anizane ndi milomo mwachindunji koma ikhale chapambali pang'ono. Mukaiyandikiza kwambiri, mpweya wa zilembo monga p ndi ph umaomba pa maikolofoni n'kumveka ngati wina akumenya foniyo, ndipo zimenezi ndinazimva pa kujambula kwanu kwachitatu pamene munanena mawu akuti tikupempha. Mukaitalikitsa kwambiri, chipinda chimayamba kumveka kuposa inu. Sankhani chipinda chokhala ndi makatani, bedi ndi zovala, pakuti zinthu zofewa zimameza mawu obwerera kuchokera ku makoma, pamene chipinda chopanda katundu chimachititsa mawu kumveka ngati akuchokera m'chitsime. Zimitsani wailesi, tsekani mawindo, pepala muliike patebulo kuti lisachite phokoso m'manja, ndipo ngati mukujambula ndi pulogalamu yojambulira mawu ya m'foni, muike foniyo pa `Airplane mode` kuti wina asakuimbireni muli pakati. Mukadina batani lojambulira dikirani masekondi awiri musanayambe, ndipo mukamaliza dikiraninso masekondi awiri musanazimitse, chifukwa womvera amafuna kanthawi kofikitsira foni ku khutu, ndipo moni wanu ungatayike m'njira.

Mukalakwitsa liwu, musapepese n'kupitiriza. Uthengawu ndi waufupi, choncho muyambirenso kuchokera poyamba, makamaka ngati cholakwikacho chili pa tsiku kapena nthawi, popeza womvera akamva madeti awiri sadziwa kuti woona ndi uti.

Musanautumize kwa anthu onse, muuyese pa munthu mmodzi amene sakudziwa kalikonse za msonkhanowu, ndipo ndi bwino atakhala wachikulire. Amvetsere kamodzi kokha, pa foni yaing'ono wamba ngati ilipo, ali panja pamene pali phokoso la masiku onse, kenako mumufunse kuti msonkhano uli liti, nthawi yanji, kuti, ndipo ndi wokhudza chiyani. Akayankha zonse molondola, uthengawo wakonzeka. Akaphonya chimodzi, musamufotokozere pakamwa, koma mubwerere pa mzere umenewo, muufupikitse kapena muonjezere kupuma, n'kujambulanso. Inu nokha simungadziyese bwino, chifukwa mukudziwa kale zimene zikunenedwa ndipo khutu lanu limadzaza lokha pamene liwu silinamveke.

Utumizeni kutatsala masiku anayi kapena asanu, kuti anthu akonze nthawi yawo, ndipo tsiku loti mawa ndi msonkhano mutumize chikumbutso chachifupi chokhala ndi mzere wachiwiri, wachitatu ndi wobwereza uja basi. Mupemphenso amene alandira kuti akauze oyandikana nawo amene alibe foni kapena amene samva bwino. Mukajambula koyamba ndi mawu atsopanowa, achemwali, munditumizire ine poyamba m'gulu lomwe lino, ndipo ndidzaumvetsera ndi wotchi m'manja n'kukuuzani ngati pali mzere umene mukuthamangabe.