Mukufuna abwana alipire maphunziro a antchito? Yambani ndi ma invoisi obwezedwa

"Ndine supavaiza pa holoselo ina ku Limbe, ndili ndi makalaki anayi. Ma invoisi amangobwezedwa ndi makasitomala. Ndapempha kawiri kuti anyamatawa apite kukaphunzira koma abwana amangoti bajeti palibe. Ndilembe bwanji memo yoti imveke?"

Achemwali, abwana ambiri akamva zoti anthu apite kukaphunzira, m'mutu mwawo mumabwera Mangochi, hotela, ma alawansi ndi anthu obwerako atanenepa koma ntchito ili pompaja. Ndiye memo yanu isayambe ndi maphunziro ayi, iyambe ndi ndalama zomwe zikutayika. Ndipo musanalembe chilichonse khalani kaye pansi ndi faelo.

Tengani ma invoisi a miyezi itatu yapitayi, mupatule onse obwezedwa, pa iliyonse mulembe chomwe chidalakwika ndi yemwe adalemba. Tiyerekeze mwawerenga 200 ndipo obwezedwa ndi 30. Mukawaunjika malinga ndi vuto mupeza mwina 18 adalakwika powerengera msonkho wa VAT ndi disikaunti, 8 adalembedwa ndi mitengo yakale, 4 adalembedwa pamanja magetsi atathima. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya, amangotenga 30 yonse ija n'kunena kuti anyamata sadziwa ntchito. Ayi ndithu. Asanu ndi atatu aja vuto lake ndi loti mitengo ikasintha palibe amene amauza makalaki, ndipo anayi aja ndi nkhani ya jenereta, olo mutawatumiza ku sukulu chaka chathunthu sizingasinthe. Funso lodzifunsa pa vuto lililonse ndi ili: munthuyu nditamulonjeza bonasi lero, angayichite bwino ntchitoyi? Ngati angathe ndiye kuti luso ali nalo, chomutchinga ndi china. Ngati sangathe olo atafunitsitsa, pamenepo ndiye pofunika kuphunzitsa.

Pa 18 aja musangokhulupirira mapepala. Mukhazikeni kalaki aliyense pa kompyuta, mumupatse oda imodzi yokhala ndi disikaunti, inu muziona. Muona wina akutulutsa foni kuwerengera pa kakyuleta kenako n'kutaipa ansala mu Excel m'malo moika fomula, wina akuchotsa disikaunti atathira kale VAT koma osakonza mzere wa msonkho. Mwinanso mupeza kuti m'modzi mwa anayiwo salakwitsa n'komwe, ameneyo musamuike pa mndandanda wa ophunzira, muzimugwiritsa ntchito yoyang'ana anzake akamaliza maphunziro.

Tsopano memo. Tsamba limodzi basi, zina zonse zikhale zomata kumbuyo. Ndime yoyamba inene chomwe mukupempha, mwachitsanzo K900,000 yoti mphunzitsi abwere pa ofesi pompo Loweruka kawiri, aphunzitse makalaki atatu. Ndime yachiwiri ndi ya zomwe mwapeza, ndipo ndalama zotayikazo muzitenge kwa a akaunti, osati zam'mutu. Tinene kuti ma invoisi 18 aja adadya K540,000 pa katundu wolipiritsa moperewera ndi mafuta a galimoto yobwerera kwa kasitomala, ndiye kuti K180,000 pa mwezi. Zolakwika zonse zitatha ndalama ya maphunziro ibwerera m'miyezi isanu, zitangotsika ndi theka ibwerera m'miyezi khumi. Lembani zonse ziwiri. Ine ndimaona kuti bwana amakhulupirira msanga munthu yemwe waonetsa yekha nambala yoipayo kusiyana ndi wolonjeza kuti zonse zikhala bwino.

Zija 12 zosakhudza maphunziro musazibise, ikani mzere woti izi tikonza popanda mphunzitsi, mitengo ikasintha pepala latsopano lizifika kwa makalaki m'mawa womwewo. Mzere umenewu ndi womwe umaonetsa kuti simukungofuna kudya ndalama za kampani. Matani makotesheni awiri kapena atatu, ndipo mphunzitsi mumuuze kuti aphunzitsire pa ma invoisi anu enieni, osati kosi ya kompyuta yoyambira pa kuyatsa makina.

Chinanso, mabwana ku Malawi kuno amalipira levi ya TEVET, 1 peresenti ya malipiro a antchito, kudzera ku MRA. Akumbutseni abwana kuti ndalama imeneyo ikutuluka kale, ndipo musanapereke memo imbani ku TEVETA mufunse momwe amathandizira makampani olipira levi pa maphunziro a antchito, chomwe akuuzeni muchilembe mmenemo.

Abwana adzafunsa ndithu kuti nanga ndikawaphunzitsa n'kuthawa? Yankhani mu memo momwemo asanafunse: maphunziro a masiku awiri a ntchito yomwe akugwira kale si digiri, koma ngati akufuna, ophunzirawo asaine kuti akachoka miyezi isanu ndi umodzi isanathe abweza gawo la ndalamazo. Pomaliza ikani tsiku lomwe mukufuna yankho, ndi tsiku lomwe mudzawerengenso ma invoisi pakatha miyezi itatu n'kubweretsa nambala yatsopano pa tebulo pawo.