Chigayo cha ku Jali, mwini ali ku Kepi: mboni yanu ikhale mita ya magetsi

"Ndili ku Cape Town, ndasonkhanitsa kangachepe ndipo ndikufuna kuika chigayo kwathu ku Jali kuti mchimwene wanga aziyendetsa. Koma ndaona anzanga akulira ndi mabizinesi osiyira abale. Ndichite bwanji kuti ndisadyeredwe komanso tisadane?"

Achemwali, mwasankha bwino posankha chigayo, chifukwa chili ndi mboni imene golosale kapena kabaza alibe. Chikakhala cha magetsi, sichingagaye popanda kudya magetsiwo, ndipo mita ya ESCOM imawerenga yunitsi iliyonse, kaya wogayitsayo walipira kaya wagayiridwa mwaulere. Ine ndili ku Joni, changa chili cha ku Songani, ndipo chaka choyamba chonse ndinkangomva zakuti "bizinesi yavuta" kufikira nditayamba kuyang'ana mita.

Choyamba, mayunitsi muzigula nokha. Mita ikhale yolipiriratu, nambala yake muisunge, ndipo muzigula kudzera pa akaunti yanu yakubanki kapena kutuma munthu wina amene sagwira ntchito pachigayopo. Achimwene muzingowatumizira tokeni ya manambala 20 ija kuti alowetse. Akamagula okha pochotsa pa ndalama za tsikulo, simudzadziwa zimene zalowa ndi zimene zatuluka, chifukwa mawu oti "tagulira magetsi" amakwirira dzenje lililonse.

Kenako muyenera kudziwa kuti chigayo chanucho chimagaya ndowa zingati pa mayunitsi angati. Izi musazifunse kwa wogulitsa makina kapena kutengera za ine, pakuti zimasiyana malinga ndi kukula kwa mota, sefa imene mwaika ndi kuuma kwa chimanga. Yesani nokha. Ngati mudzabwere kudzatsegulira, khalani pachigayopo sabata yathunthu ndi kope m'manja, m'mawa kulemba mayunitsi otsala pamita, ndowa iliyonse yolowa kuika kamzere, madzulo kulembanso mita. Mukalephera kubwera, lipirani munthu wapadera achite zimenezi, koma asakhale wodya mbale imodzi ndi achimwene. Ngati muika ndi chokonola chomwe, ndowa zokonola zilembedwe pazokha, zogaya pazokha, chifukwa mitengo ndi kadyedwe ka magetsi n'zosiyana.

Kwa ine zinatuluka kuti mayunitsi 40 amagaya ndowa pafupifupi 50, ndiye kuti mayunitsi 4 aliwonse ndi ndowa 5. Tiyerekeze kuti ndowa mukugayitsa K1,000, mtengo weniweni mudzauona kwanuko. Lolemba m'mawa chithunzi cha mita chikuonetsa 312, madzulo 268. Apita mayunitsi 44, zomwe zikutanthauza ndowa 55, ndalama K55,000. Tsono m'kope mwalembedwa ndowa 41 ndi K41,000. Ndowa 14 zapita kuti?

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, timaimba foni mtima uli m'mwamba n'kutchula mawu oti kuba. Chonde musatero. Tsiku limodzi silinena kanthu, phatikizani sabata yonse, ndipo kusiyana kukakhala kosapitirira ndowa 10 pa 100 iliyonse kusiyeni. Kukapitirira, yambani mwafunsa za makina. Nyundo za m'chigayo zikaperepeseka kapena sefa ikatsekeka, ndowa imodzi imatenga nthawi yaitali ndipo magetsi amapita ambiri. Mphale yoviika imene sinaume bwino imachitanso chimodzimodzi. Wogayitsa akamayatsa makina chifukwa cha kabeseni kamodzi, kapena kuwasiya akulira opanda kanthu podikira kasitomala, mayunitsi amathera mumphepo. Funsaninso ngati pali wina amene walumikiza waya kuchokera pachigayo. Kwa ine ndinapeza kuti msuweni wanga analola mnzake wowotcherera zitsulo kukoka magetsi kuseri, iye n'kumalandira kenakake pamwezi. Ndinazindikira chifukwa mita inkatsika ngakhale Lamulungu, tsiku limene sitigaya.

Zonsezi zikakhala bwino koma mpata ulipobe, kawirikawiri zimakhala ndowa zaulere. Azakhali abwera ndi thumba, apongozi a achimwene abwera, pachitika maliro m'mudzi, ndipo munthu wokhala pakati pa abale sangathe kukana onsewo. Musamuike pa mpanipani woti azibisa. Gwirizanani kuti pamwezi pali ndowa mwakuti za pabanja, mwina 20, ndipo zizilembedwa m'kope ndi dzina la wogayiridwayo. Zikatha, achimwene ali ndi pothawira: "mwini wake amawerenga, muimbireni yekha." Mwawachotsera katundu wolemera pamenepo.

Musaiwale madeya. Ngati makasitomala ena amasiya madeya pokonola, oweta nkhumba ndi nkhuku amawagula, ndipo ndalama imeneyi mita siiona. Matumba ake awerengedwe Loweruka lililonse, akujambulireni asanagulitse.

Za ndalama, mfundo yanga ndi yakuti wolandira asakhale wosunga. Mukabwera kumudzi tsegulani akaunti ya chigayo m'dzina lanu, yoti aliyense atha kuikamo koma wotapa ndi inu nokha, ndipo mufunsiretu kubanki momwe muziionera pafoni muli kunja, chifukwa manambala achinsinsi otsimikizira nthawi zambiri amapita pa nambala ya foni ya ku Malawi. Kuchokera ku Jali kupita m'tauni ya Zomba tsiku ndi tsiku kungakudyereni phindu pa thiransipoti, choncho ndalama ziziikidwa kudzera kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pamsika pomwepo, zisagone m'nyumba kupitirira masiku awiri. Ndalama yogona pansi pa pilo imapeza ntchito yokha, mwana akadwala usiku palibe amene angaisiye.

Lipoti likhale lalifupi kuti lisatopetse. Madzulo aliwonse pa WhatsApp zibwere zithunzi zitatu: mita, tsamba la kope la tsikulo, ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zaikidwa. Magetsi akazima tsiku lonse palibe chokangana, mita idzaonetsa yomweyo ya dzulo. Zokonzetsa nazo zisachotsedwe pa ndalama za tsiku. Lamba akaduka akutumizireni chithunzi cha wodukayo, inu mulipire wogulitsa mwachindunji, ndipo chitsulo chakale chisungidwe kuti mudzachione.

Tsopano za achimwene anuwo, zimene ndikuona kuti ndi zazikulu kuposa zonsezi. Alipireni malipiro enieni, tsiku lodziwika, ngati wantchito wina aliyense. Munthu amene amadzuka m'bandakucha, kuweruka ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, n'kumauzidwa kuti "ndi zathu zomwe izi", adzadzilipira yekha, ndipo mumtima mwake sadzaona ngati walakwa. Ine ndimapereka malipiro okhazikika, kuonjezapo K10 pa K100 iliyonse yopitirira mlingo umene tinagwirizana pamwezi. Mlingowo usakhale umodzi chaka chonse, pakuti miyezi yokolola kuyambira Epulo mpaka Julayi mzere umafika kumsewu, pomwe Januwale ndi Febuluwale anthu amabwera ndi timabeseni. Thandizo la kumudzi, monga fizi, feteleza ndi zipepeso, lizichoka m'thumba mwanu pa Mukuru monga kale, lisadutse pachigayo.

Zonsezi zilembedwe papepala chigayo chisanayambe kulira, mukhale pansi pamaso pa amalume monga eni mbumba, ndi mboni ina ya kunja kwa banja. Pepalalo linene kuti makina ndi anu, malipiro ndi angati, ndowa zaulere ndi zingati, ndiponso kuti aliyense atha kusiya atapereka chenjezo la mwezi umodzi popanda mlandu. Malisiti a makina, mita ndi chiphaso cha kukhonsolo zikhale m'dzina lanu. Malo omangapo ndiwo muwasamale kwambiri: ngati ndi a banja, amfumu alembe kalata yonena gawo limene mwapatsidwa, ndipo kalatayo ikhale m'manja mwanu musanatumize ndalama ya thumba loyamba la simenti.