Mahedifoni akulumikizika koma ali zii

"Abale ndithandizeni, mahedifoni anga a bulutufu akulumikizika bwinobwino ndi foni mpaka ikulemba Connected, koma ndikaika nyimbo kuli zii, pena mawu akutulukira pa sipika ya foni. Ndiye kuti afa?"

Achimwene musawataye kaye. Mawu aja akuti Connected amangotanthauza kuti foni ndi mahedifoni zaonana, sakunena kuti nyimbo zikudutsa kumeneko ayi. Bulutufu imakhala ndi njira ziwiri zosiyana zotumizira mawu, ina ndi yoyankhulirana pafoni, dzina lake HFP, ina ndi ya nyimbo ndi mavidiyo, A2DP, ndiye zimatheka ndithu imodzi kutseguka inayo ili chitsekere.

Yesani izi musanagwire china chilichonse, muwavale kenako muimbire munthu. Mukamumva m'makutumo koma nyimbo ayi, dziwani kuti mahedifoniwo ndi amoyo, nthawi zambiri vuto limakhala m'foni. Ngati ndi Android lowani mu Settings, pitani pa Bluetooth, dinani kachizindikiro kali pambali pa dzina la mahedifoni anuwo, mupeza timabatani tiwiri, kena ka mafoni oimba, kena kolembedwa Media audio kapena Audio kutengera mtundu wa foni. Kachiwirika ndi kamene kamakhala kozima. Ngakhale mukapeze koyaka, kazimitseni, dikirani pang'ono nkukayatsanso.

Ine zinandichitikira, ndinataya madzulo onse ndikutchaja nkumazimitsa foni, kufufuta nkulumikizanso, osaphula kanthu, kumachita kuwagogoda pa tebulo ngati limoti yakutha mabatire. Nkhani yake? Laputopu inali chiyakire kuchipinda ndipo mahedifoni anga ndi aja amagwira zipangizo ziwiri nthawi imodzi, ndiye laputopuyo inali itatenga njira ya nyimbo chifukwa kavidiyo kena kanali kakuseweredwa kumeneko, foni inkangoti Connected basi. Nditangozimitsa bulutufu pa laputopu nyimbo zinabwera pompo. Ndiye ganizirani bwino, munawalumikizapo ndi chani china? Foni ya akunyumba, tabuleti, wailesi yakanema, chilichonse chili pafupi, chifukwa bulutufu imafika mamita 10 kapena kupitirira ndipo khoma limodzi nthawi zambiri siliitchinga.

Poti mwanena kuti pena mawu akutulukira pa sipika, onaninso komwe foni ikuwatumiza. Nyimbo ikulira choncho tsitsani chinsalu cha pamwamba chija, pa kabokosi ka nyimbo pamakhala dzina la chomwe chikulira, dinani pamenepo musankhe mahedifoni. Pa iPhone ndi mu Control Center, kachizindikiro ka AirPlay. Voliyumu muikwezenso nyimbo ikulira, chifukwa foni zina mukakweza ili chete mumangokweza kulira kwa foni ikamaitana. Ndipo mahedifoni ena amasunga voliyumu yawoyawo, foni kukhala yodzaza iwo ali pansi penipeni.

Zikakanika izi ndiye fufutani kulumikizanako, koma mbali zonse ziwiri, apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Polumikizana koyamba foni ndi mahedifoni zimasungirana kiyi, ndiye mukadina Forget kapena Unpair pa foni pokha, mahedifoni amakhala akukumbukirabe zakale zija. Mukatha kufufuta pa foni zimitsani bulutufu, bwezerani mahedifoni onse awiri m'kabokosi kawo ali ndi moto wokwanira, nkugwira batani osalisiya mpaka kagetsi kasinthe kaphethiridwe. Kutalika kwake kumasiyana, AirPods okhala ndi batani kumbuyo kwa kabokosi ndi masekondi pafupifupi 15 chivundikiro chili chotsegula, mpaka kagetsi kaphethire mwachikasu kenako koyera, mitundu ina mumagwira pa mahedifoni penipenipo, kapepala kobwera nawo kamanena. Kenako yatsaninso bulutufu pa foni, tulutsani onse awiri limodzi, apatseni kamphindi agwirizane okhaokha musanawasake pa foni. Mukaona mayina awiri ofanana pa mndandanda ndiye kuti lakumanzere ndi lakumanja sanagwirizane, mukasankha limodzi khutu lina likhala chete, bwerezani.

Palinso ija ya mu Settings yolembedwa Reset Wi-Fi, mobile & Bluetooth, imathandiza inde koma ikhale yomaliza, imafufuta mapasiwedi onse a wayifayi amene munasunga, mudzayamba kupemphanso mmodzimmodzi.

Kuti mudziwe ngati afadi, alumikizeni ku foni ya munthu wina yomwe sinawaonepo. Akalira kumeneko vuto ndi foni yanu. Akakhala zii kumenekonso, ngakhale kamawu kaja amalira mukangowayatsa osamveka, yambani mwayang'ana kasefa kotulukira mawu ngati sikanatsekeke ndi phula la m'khutu, mukapukute ndi mswachi wouma. Kakayera koma kuli chetebe, apo ndiye ndi sipika zam'katimo. Mutiuze mtundu wa foni ndi wa mahedifoniwo komanso ngati munamumva munthu uja mutamuimbira.