Netiweki yaduka kawiri pa intaviyu ya pa vidiyo: ndiwalembere chiyani?

Funso: Amisiri, ndine mayi wa ku Lizulu. Lero m'mawa ndinali ndi intaviyu ya pa Zoom, ya ntchito ya ulangizi wa alimi. Ndinalumikiza laputopu ku foni yanga ya malayini awiri, ndipo bandulo inalimo yokwanira. Koma netiweki yaduka kawiri, koyamba ndikufotokoza za kasungidwe ka mbewu ya mbatatesi, kachiwiri atangondifunsa tsiku lomwe ndingayambe ntchito. Nditalowanso, iwo anangopitiriza ndi mafunso ena. Ndiwalembere, kapena ndingokhala chete? Ndikuopa kuoneka ngati wodandaula.

Yankho: Alembereni, achemwali, ndipo muchite zimenezi lero lomwe anthu asanaweruke. Zikavutitsitsa, mawa m'mamawa. Ofunsa mafunso pa intaviyu nthawi zambiri amakhala ndi pepala lopatsirapo malikisi funso ndi funso, ndipo pomwe sanamve yankho amasiya popanda kanthu kapena kupereka ochepa. Akaphatikiza malikisi aja n'kutseka nkhani, uthenga wanu ungakome bwanji sungathandizenso. Kudandaula n'kulemba ndime zitatu za mavuto a netiweki ya kwanu. Kumalizitsa mayankho awiri omwe anadukira panjira si kudandaula.

Musanalembe, dziwani chinthu chimodzi chomwe anthu ambiri obwera pa benchi yanga sachidziwa. Iwo aja anasiya kukumvani kale inu musanaone kuti zaduka. Kachithunzi kanu komwe mumadziona pakona ya sikirini kamachokera ku kamera ya laputopu yanu yomweyo, sikadutsa pa intaneti. Choncho netiweki ikafa, inu mumadzionabe mukuyankhula, manja akuyenda bwinobwino, pomwe kwa iwo nkhope yanu yauma ndipo mawu atha. Pulogalamu imayamba yadikira, n'kuyesayesa kulumikizanso mwakachetechete, kenako ndi pomwe imakulemberani kuti `Reconnecting` kapena `Your internet connection is unstable`. Pakati pamenepo pamatha masekondi angapo, nthawi zina 10 kapena kuposa, ndipo asanathere penipeni mawu amakhala atayamba kale kudukaduka. Pa masekondi 10 munthu amayankhula ziganizo ziwiri zathunthu.

Ndiye mu uthenga wanu musayambire pomwe inu mukukumbukira kuti munalekezera. Yambirani pachiyambi pa yankho, ngati kuti sanamve kalikonse, koma mulifupikitse.

Tsegulani imelo yomwe anakuitanirani ku intaviyu, yomwe inali ndi linki ya Zoom ija, n'kudina `Reply`. Musayambe imelo yatsopano. Mukayankha pa yomweyo, mutu wake uli kale ndi dzina la ntchito ndi tsiku, ndipo wolandira safunika kufufuza kuti ndinu ndani. Ngati pa mzere wa `Cc` pali maina a omwe anakufunsani mafunso, dinani `Reply all` kuti nawonso aone. Ngati mulibe, pemphani wolandirayo kuti awapatsire. Ine ndingalembe motere, ndipo inu mulembe m'chinenero chomwe intaviyu inachitikira:

"Zikomo chifukwa cha mwayi wocheza nanu lero nthawi ya 10 koloko m'mawa. Netiweki inaduka kawiri mbali yanga, ndipo mayankho anga awiri sanamveke onse. Ndiloleni ndiwamalize mwachidule. Pa funso la kasungidwe ka mbewu ya mbatatesi: ndimalangiza alimi kusankha mbewu yopanda mabala ndi matenda, kuiyala mopyapyala pa thandala m'chisakasa chopita mphepo, momwe kuwala kumalowa koma dzuwa silimenya mbewu mwachindunji, kuti iphuke timphukira tatifupi tolimba, ndiponso kumachotsa yowola sabata ndi sabata. Pa funso la tsiku loyamba ntchito: ndingayambe pakatha masabata awiri kuchokera tsiku lomwe mwandidziwitsa. Ngati mungafune kuti ndiyankhe pakamwa, ndilipo pa foni kwa mphindi 10 mawa kapena mkuja, nthawi iliyonse yomwe mungasankhe. Chonde mupatsireko uthengawu onse omwe analipo."

Za thandala ndi masabata awirizo ndaikamo ine kuti muone kutalika kwake. Inu muikemo zomwe munkanena zenizeni. Apa ndi pomwe ndikufuna mudziletse, chifukwa mukakhala pansi madzulo ano, mutu utazizira, mudzakumbukira mayankho okoma a mafunso ena onse, ndipo dzanja lidzafuna kuwonjezera. Musatero. Mafunso omwe anamveka bwino anatha. Mukayamba kuwakonza, uthenga uoneka ngati mukufuna kulembanso mayeso mutaona kale mapepala, ndipo mabungwe ena ali ndi lamulo loti sawerengera chilichonse chobwera intaviyu itatha, kuti onse ofunsira ntchito ayesedwe mofanana. Awiri odukawo ali ndi chifukwa chomveka chomwe iwonso anachiona ndi maso. Ngakhale atakana kuwerengera yankho la mbatatesi, la tsiku loyamba ntchito alifunabe, chifukwa limenelo si la malikisi ayi, ndi loti akonzere zinthu.

Muonenso kuti mu uthengawo za netiweki zatenga chiganizo chimodzi chokha. Simukutchula kampani ya foni, simukufotokoza za mapiri kapena za magetsi, ndipo simukupepesa kasanu. Musatumize mawu ojambula pa WhatsApp kapena vidiyo yodzijambula mukuyankha, pokhapokha iwo atapempha. Ngati zonse za intaviyuyi munkalumikizana pa WhatsApp ndipo imelo palibe, tumizani mawu omwewo olemba, meseji imodzi, osati zidutswa zisanu ndi ziwiri.

Mukadina `Send` musatseke laputopu nthawi yomweyo. Netiweki yomwe inakudulani m'mawa ikhoza kugwiranso imelo. Lowani mu `Sent` muione ilimo. Ikakhala mu `Outbox`, kapena pafoni yalembedwa kuti `Queued`, ndiye kuti sinachoke, ili m'manja mwanu momwe.

Tsopano tibwere ku foni, chifukwa mukulonjeza kuti muliponso mawa, ndipo kuduka kachitatu kungapweteke kuposa kuwiri koyamba. Mwanena kuti bandulo inalimo, laputopu inkamwa intaneti kuchokera ku foni, ndipo foniyo ndi ya malayini awiri. Chomwe ndikuchikayikira kwambiri ndi munthu yemwe anakuimbirani. Tsegulani mndandanda wa mafoni olowa, muone ngati pa nthawi ya intaviyu pali nambala yomwe inaimba, ngakhale yongofulasha. Foni yomwe ilibe `VoLTE`, njira yoimbirana kudzera pa `4G`, kapena yomwe layini yake sinatsegulidwe `VoLTE`, singalandire kuimba ili pa `4G`. Wina akaimba, imatsika kupita pa `3G` kapena `2G` kuti ilire. Pa nthawi imeneyo intaneti imayima kapena kuchepa kwambiri, ndipo woimbayo akadula, foni imatenga kanthawi kuti ikwerenso pa `4G`. Pa foni ya malayini awiri zimaposa apa: mafoni ambiri otere, layini yachiwiri ikamalira, intaneti ya layini yoyamba imayimiratu. Kuika foni pa `Silent` kapena `Do not disturb` sikuthandiza, chifukwa kumangotseka kulira kuti inu musamve, koma kuimbako kwalowa kale ndipo foni yatsika kale.

Mukapeza kuti nthawi za mafoni olowa zikugwirizana ndi nthawi zomwe zinaduka, nkhani yatha, vuto mwalipeza. Kukonza kwake n'kosavuta. Zimitsani layini yachiwiri mu `Settings`, pomwe palembedwa `SIM cards` kapena `SIM manager`, mpaka kucheza kutatha. Ya intanetiyo ikhale layini yomwe anthu sakonda kukuimbirani, kapena mubwereke foni ya m'bale wanu yoti izingopereka intaneti basi, yanu ikhale padera podikira kuimba kwa abwanawo.

Ngati mndandandawo uli woyera, ganizirani komwe mukukhala. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya lina ndi Mozambique, ndipo foni sidziwa malire. Netiweki yakwathu ikafooka, foni yomwe yasiyidwa kuti izidzisankhira yokha imatha kulumphira pa nsanja ya tsidya linalo. Ikatero, dzina la netiweki pamwamba pa sikirini limasintha, pambali pa timizere ta netiweki pamatuluka chilembo `R`, nthawi zina pamalowanso meseji yokulandirani ku Mozambique. Bandulo yanu ya kuno siigwira ntchito kumeneko, ndiye intaneti imafa mpaka foni ibwerere. Za ku Biriwiri, Tsangano ndi kufupi ndi chipata cha Dedza n'chimodzimodzi. Lowani mu `Settings`, kenako `Mobile network`, mupeze `Network operators`, muzimitse `Select automatically`, n'kusankha nokha netiweki yanu. Maina amenewa amasiyanako pang'ono foni ndi foni, koma malo ake ndi omwewo. Mukatero foni imakakamira kwawo ngakhale timizere titatsala tiwiri.

Chachitatu n'kutentha. Foni yomwe ikupereka intaneti, ili pa tchaja, ili m'chikwama chake cha labala, ndiponso yaikidwa pawindo padzuwa kuti igwire netiweki, imatentha msanga, ndipo mafoni ena amazimitsa okha hotisipoti, njira yogawira laputopu intaneti popanda chingwe, akatentha kwambiri. Ivuleni chikwama, ikhale pawindo la mthunzi, ndipo ngati muli ndi chingwe cha USB ilumikizeni ku laputopu n'kutsegula `USB tethering`. Chingwe chimakhazikika kuposa hotisipoti.

Akavomera kuti muchezenso, pemphani foni wamba, yoimba, monga ndalembera mu uthenga muja. Mphindi 10 za mafunso awiri sizifuna nkhope. Akanena kuti ikhale Zoom basi, apatseni moni kamera ili yoyaka, kenako mupemphe kuizimitsa. Vidiyo ya anthu awiri pa Zoom imafuna pafupifupi 600 kbps kupita ndi kubwera, pomwe mawu okha amafuna 60 mpaka 80 kbps, ndiye netiweki yomwe ikulephera kunyamula chithunzi imanyamula mawu mosavuta. Ndipo pachiyambi pomwe muwauze kuti ikaduka akuimbireni pa nambala yakuti, n'kuilemba mu `Chat` kuti ikhale pamaso pawo.

Mukatumiza uthenga wa lerowu, musatumizenso wina mawa wofunsa ngati anaulandira. Ngati anakuuzani tsiku lomwe adzayankhe, dikirani lifike. Ngati sananene, ipite sabata yathunthu, kenako mufunse ndi chiganizo chimodzi pa imelo yomweyo.