Achinyamata ofunsa za zokolola ku Angonia: aphunzitsidwe bwanji kuti asamafunse aliyense zake

"Anzanga ndithandizeni. Mu Juni tikufunsa mabanja 400 ku Angonia, m'dziko la Mozambique, za chimanga chimene akolola chaka chino. Ndili ndi achinyamata 8, mafunso ali m'Chipwitikizi pa matabuleti, tikugwiritsa ntchito pulogalamu yolembera mayankho ya KoboCollect. Maphunziro ndi a sabata imodzi yokha. Ndichite bwanji kuti onse azifunsa mofanana ndi kulemba zoona?"

Achemwali, musanaitane wina aliyense ku maphunziroko, yambani mwalemba mafunso onse m'Chichewa. Mukawasiya m'Chipwitikizi, aliyense mwa anthu 8 aja azimasulira yekha m'mutu ataima pakhomo pa mlimi, ndipo mudzabwerako ndi mayankho a mafunso 8 osiyana. Wina adzati "mwakolola chochuluka bwanji?", wina "m'nkhokwemo muli chingati?", wina "munapeza matumba angati?" Funso lachiwirilo lasiya kunja chimene chagulitsidwa kale, lachitatulo lamukakamiza mlimi kuyankha m'matumba pamene iye anawerengera ngolo. Pezani munthu mmodzi amasulire, wina amene sanaone Chipwitikizicho abwezere m'Chipwitikizi, ndipo pamene ziwirizo zasemphana mukhale pansi mukonze. Mu fomu yanu onjezani danga la `label::Chichewa (ny)` kuti mawu omwewo azioneka pa tabuleti.

Posankha anthu, muwapatse ndime ya Chichewa awerenge mokweza. Ambiri kuno sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, choncho munthu akhoza kulankhula Chichewa bwinobwino koma n'kumadodoma powerenga, ndipo wododomayo akafika kumudzi amasiya kuwerenga n'kuyamba kunena za m'mutu mwake. Ngati ena achokera mumzinda wa Tete ndipo chinenero chawo ndi Chinyungwe, muwamvetserenso bwino, chifukwa agogo a ku Domwe sangamve zonse. Ine ndikanaitana anthu 10 ku maphunziro n'kuwauziratu kuti ntchito ndi ya anthu 8. Awiri otsalawo mudzawafuna wina akadwala malungo pakati pa ntchito.

Tsono funso limene lidzakuvutitseni kuposa onse ndi la kuchuluka kwa zokolola, ndipo ndikupempha kuti mulipatse tsiku lathunthu. Tiyerekeze kuti mayi wayankha kuti, "Tinatuta ngolo ziwiri ndi theka, koma china tinadya chachiwisi, ndowa zinayi tinalipira aganyu." Wofunsa woyamba alemba 2.5, koma popeza pa tabuleti palibe ngolo, asankha thumba la makilo 50. Kompyuta iwerengera makilo 125. Wachiwiri ndi mwana wa mlimi, akudziwa kuti ngolo ya kwawo imatulutsa matumba mwina 6 akatonola, ndiye achulukitsa m'mutu n'kulemba matumba 15, omwe ndi makilo 750. Wachitatu alemba 2, theka lija n'kulitaya. Palibe amene wanama mwadala, koma khomo limodzi lomwelo likuoneka losauka kwambiri kwa wina, lopeza bwino kwa wina, ndipo ndowa zinayi za aganyu zasowa kwa onse atatu.

Mankhwala ake ndi lamulo limodzi: wofunsa sawerengetsa masamu. Alembe nambala imene yanenedwa, muyeso umene wanenedwa, ndi mmene chimangacho chinalili, kaya chamakoko, chosenda koma chosatonola, kapena chotonola. Mu fomu zikhale mizere itatu yosiyana:

```
type               name       constraint
decimal            kuchuluka  (. >= 0 and . <= 300) or . = -99
select_one muyeso  muyeso
select_one mtundu  mtundu
```

Pamndandanda wa miyeso muikepo ngolo, thumba la makilo 50, thumba lalikulu, ndowa ya malita 20, dengu, ndi malo olembapo muyeso wina. Lolani kuti mizere itatuyi ibwerezedwe, chifukwa mlimi mmodzi akhoza kunena ngolo za munda wakumtunda ndi ndowa za kudimba. Chodya chachiwisi, cholipira ganyu ndi chogulitsa zikhale ndi mafunso akeake, osadalira kuti wofunsa akumbukira. Nambala ya -99 ndi ya amene wati sakudziwa, ndipo muwatsindikire kuti 0 ndi ya amene sanakolole kanthu. Ziwirizi zikasakanikirana mudzalengeza njala kumene kulibe.

Kusintha miyesoyi kukhala makilo ndi ntchito yanu, ya pambuyo. Tengani sikelo mukayeze nokha m'midzi ingapo. Ndowa ya malita 20 ya chimanga chouma chotonola imalemera makilo cha m'ma 15 ikakhala yosalaza, ndipo imapitirira apo ikadzazidwa mpaka kutumphuka pamwamba. Ngolo ndiye zimasiyana kwambiri, ena amaikanso matabwa kapena mapesi m'mbali kuti ilowe zambiri, choncho funsani alimi angapo m'dera lililonse kuti ngolo yawo imatulutsa matumba angati.

M'kalasimo musathe nthawi ndi kulankhula inuyo. Tsiku loyamba werengani limodzi funso lililonse mokweza, mufotokoze chimene likufuna, ndipo mugwirizane za amene akuwerengedwa kuti ndi wa pakhomo. Mnyamata wogona m'gowelo koma wodya mphika wa amayi ake ali m'kati. Bambo wamitala alembedwe khomo limodzi lokha, ndipo musankhiretu lamulo lake, mwachitsanzo kumene anagona masiku ambiri mwezi wathawu. Mwana amene ali ku migodi ya malasha ku Moatize, wobwera pa Khirisimasi pokha, ali kunja ngakhale amatumiza ndalama. Zimenezi zilembedwe pa pepala limodzi loti aliyense aziyenda nalo.

Chimene ndimachikhulupirira kwambiri pa maphunziro onse ndi ichi. Inu mukhale mlimi, mutalemberatu mayankho anu pa pepala, ena ovuta dala ngati a ngolo aja. Mmodzi akufunseni pamaso pa anzake, koma onse 10 azilemba pa matabuleti awo. Mukatha, tsitsani mafomu 10 aja muwaike pambali pa pepala lanu. Onse anamva mawu amodzimodzi, ndiye paliponse pamene asiyana pali vuto. Akalakwa mmodzi, vuto ndi la iyeyo. Akalakwa asanu pa funso lomwelo, funsolo ndilo lolakwika, mulikonze usiku womwewo. Chitani zimenezi tsiku lililonse ndi mayankho atsopano, ndipo zotsatira za tsiku lomaliza la m'kalasi ndizo zikusankhireni anthu 8.

Muwaphunzitsenso chonena mlimi akakhala chete kapena akati "kaya". Apa ndi pamene achinyamata aulemu amalakwitsa, chifukwa amafuna kuthandiza agogo: "Mwina matumba 10 eti?" Agogo avomera kuti asamuchititse manyazi mlendo. Zololedwa ndi zitatu basi: kudikira, kubwereza funso monga lalembedwera, kapena kunena mawu osalozera yankho, monga "mmene inu mukukumbukira" ndi "munatuta maulendo angati kuchokera kumunda?" Ayeseze awiriawiri mpaka zilowe m'kamwa. Nkhope nayonso isamayankhe: munthu akati wakolola ndowa zitatu zokha, wofunsa asati "ayi, pepani", chifukwa mayankho otsatirawo adzakhala ofuna chisoni.

Mawu oyambira pakhomo akhale olembedwa ndipo asasinthidwe. Anthu akaona tabuleti amaganiza kuti kwabwera kulemba maina a thandizo, ndipo zokolola zimachepa pomwepo. Wofunsa anene poyera kuti palibe feteleza, mbewu kapena chakudya chimene chidzabwere chifukwa cha mayankhowa, kuti munthu ali ndi ufulu wokana, ndi kuti dzina lake silidzatuluka. Kwa amfumu mukapite nokha kukapempha chilolezo, koma pofunsa mafunso nthumwi yawo ikhale patali, pansi pa mtengo.

Masiku awiri omaliza apite kumudzi weniweni umene suli pamndandanda wa mabanja 400 aja, aliyense afunse makomo awiri kapena atatu inu mukumvetsera.

Ntchito ikayamba, sabata yoyamba ndiyo yofunika kuiyang'anira kwambiri, chifukwa chizolowezi chikakhazikika chimavuta kuchotsa. Mukhale nawo pa kufunsa kwa aliyense kamodzi kapena kawiri m'masiku atatu oyambirira. Khalani kumbuyo, musalowerere, lembani mayankho pa tabuleti yanu, ndipo zokonza mukamuuze panjira muli awiri, osati pamaso pa mlimi.

Madzulo aliwonse mafomu atumizidwe, ngakhale zitafuna kuti wina akwere njinga yamoto kukafuna netiweki ku Ulongwe. Ikani `start` ndi `end` mu fomu, zosunga nthawi yoyambira ndi yothera kufunsa, ndipo ngati mungathe onjezani `audit`, imene imasunga nthawi imene munthu wathera pa funso lililonse. Imeneyi ndi yodalirika kuposa ziwiri zoyambazo, chifukwa fomu ikatsegulidwanso madzulo nthawi yothera imasuntha. Kenaka yang'anani zotsatira za wofunsa aliyense payekha, osati za gulu lonse pamodzi. Ngati anzake akutha mphindi 45 iye akutha 20, mufunseni. Onaninso mafunso otsegula gawo lalitali, monga lakuti "kodi munalima mbatata ya kachewere?" Ofunsa amazindikira msanga kuti "ayi" amawadumphitsa mafunso 15. Ngati m'midzi yoyandikana anzake akupeza olima 6 pa makomo 10 aliwonse, iye akupeza awiri, ndiye kuti mwina akufunsa kuti "kachewere simunalime eti?" Chimodzimodzi amene -99 wachuluka kwa iye, kapena amene alimi ake onse akolola matumba 5, 10 ndi 20 enieni.

Chomaliza ndi kubwerera kumakomo ena. Chizolowezi cha ochita kafukufuku ndi kubwerera ku khomo limodzi pa makomo 10 aliwonse, ndiye kwa inu ndi makomo 40, ambiri mwa iwo m'masiku oyambirira, ndipo wofunsa aliyense akhudzidwe. Makomowo musankhe mwamaere inuyo. Apite munthu wina, asanadutse masiku atatu, asakuona mayankho oyamba, akafunse munthu yemweyo mafunso osapitirira 10. Ambiri akhale osasintha: kodi kunabwera munthu kudzakufunsani, denga ndi la malata kapena la udzu, muli ndi ngolo, munalima minda ingati. Denga likasiyana, wofunsayo mwina sanafike pakhomopo. Muikepo limodzi la zokolola, koma likasiyana pang'ono musathamangire kumuimba mlandu, chifukwa mlimi yemweyo akhoza kunena ngolo ziwiri lero, mawa ziwiri ndi theka, ndipo bambo ndi mayi a nyumba imodzi kawirikawiri amatchula nambala zosiyana. Auzeni achinyamatawo za kubwereraku pa tsiku loyamba la maphunziro, asadzaone ngati msampha.

Mukapeza fomu yopeka, yonse ya munthu ameneyo ionedwenso ndipo makomo okayikitsa afunsidwe kachiwiri. Koma onaninso mmene mukuwalipirira. Mukamapereka mametikale pa fomu iliyonse, mwawauza nokha kuti athamange. Alipireni pa tsiku, ndi malire a makomo anayi kapena asanu. Anthu 8 pa makomo asanu ndi makomo 40 pa tsiku, ndiye 400 atha m'masiku 10. Onjezani masiku ena atatu kapena anayi a makomo amene mudzapeze eni ake ali kumunda, kumsika kapena kumaliro.