Mavidiyo osowa mu pulelisiti: abisidwa kapena afufutidwa?

"Achimwene, pulelisiti yanga ya pa YouTube ikuti muli mavidiyo 60 koma ine ndikuona 52 basi. Enawo afufutidwa kapena eni ake angowabisa? Ndingadziwe bwanji?"

Achemwali, funso lanuli landikumbutsa zowawa. Mayi anga atatisiya ndinasonkhanitsa nyimbo za kwaya zimene ankakonda kuyimba akamachapa, ndimazimvera Lamulungu lililonse madzulo, ndiye tsiku lina ndikupeza zitatu zasanduka timabokosi totuwa, opanda chithunzi opanda mutu. Mtima unandipweteka ndipo ndi mkwiyo womwewo ndinazichotsa zonse zitatu. Patapita miyezi, imodzi mwa zitatuzo ndinaipezanso pa chanelo chomwe chija, kani mwini wake anangoibisa kwakanthawi. Ziwiri zinazo zinapita ndi mayina omwe, chifukwa pochotsapo ndinataya linki, chinthu chokhacho chomwe chikanandithandiza kuzilondola.

Nchifukwa chake ine ndimakana zoti munthu azithamangira kuyeretsa pulelisiti. Pulelisiti simasunga vidiyo ayi, imangosunga malo pomwe vidiyoyo ili, mwini wake akatseka khomo inu mumatsala ndi chikwangwani chokha. Ndipo nthawi zina sikuti mwiniyo wachita kanthu, mu 2021 YouTube inasandutsa mavidiyo ambiri a Unlisted, aja amaoneka kwa okhawo ali ndi linki, omwe anaikidwa 2017 isanafike kukhala Private, eni ake ena mpaka lero sanabwererekonso kukawatsegula. Zimandinyansa kuti a YouTube sakusiyirani ngakhale mutu wokha.

Tsono chochita nchiti

Tsegulani pulelisiti, bwino pa kompyuta, dinani timadontho titatu tija nkusankha Show unavailable videos. Asanu ndi atatu anuwo atulukira, ena olembedwa [Private video] ena [Deleted video]. Wa Private alipobe, wangobisidwa, akhoza kubwerera tsiku lina, musamuchotse. Wa Deleted ndiye wapita.

Koma musalekere pomwepo, dinani vidiyoyo muwerenge uthenga wake, chifukwa kufufutidwa kuli pamitundu. Mwina mwini wake waichotsa yekha, mwina akaunti yonse yatsekedwa, mwinanso wina wadandaula kuti nyimboyo ndi yake. Uthenga ukamatchula dziko lanu, kuti sanailole kuoneka kwanuko, imeneyo sinafufutidwe konse, m'bale wanu wa ku Joni mwina akuionera bwinobwino.

Pa linki pali zilembo ndi manambala 11 pambuyo pa watch?v=, kopani zimenezo. Ziikeni pa Google, kapena linki yonse pa web.archive.org, nthawi zina tsamba lakale linasungidwa ndipo mutu umaoneka ngakhale vidiyoyo osasewera. Mutu ukapezeka fufuzani ngati wina anaiikanso pa chanelo china, ukakanika lemberani mwini chanelo ngati mukumukumbukira, mumutumizire linkiyo mumufunse ngati angaitsegulenso.