Lipoti la maodita la masamba 46, bodi ikufuna masamba awiri

"Ndimasunga mabuku a ndalama m'bungwe lina laling'ono lothandiza alimi. Maodita akunja atipatsa lipoti la masamba 46, ndiye apampando a bodi akuti ndilifupikitse likwane masamba awiri: zimene apeza, kukula kwa chiopsezo, ndi zimene tagwirizana kuchita. Ndiyambire pati? Zinanso zikukhudza ofesi yanga yomwe." Wowerenga wa ku Zomba.

Mayi, yambani ndi kuugawa pawiri mtokomawo, chifukwa nthawi zambiri mumakhala zikalata ziwiri. China chimanena ngati maakaunti anu a chaka chonse ndi odalirika. China ndi manejimenti leta, momwe maodita amandandalika zofooka zimene aona pa kayendetsedwe ka ndalama. Chikalata choyambacho chingotenga chiganizo chimodzi pamwamba pa tsamba lanu. Tsegulani PDF, mufufuze mawu akuti `Basis for Qualified Opinion`. Mukawapeza, ndiye kuti pali mbali ina ya maakaunti imene maodita apeza kuti ndi yolakwika, kapena asowa umboni wake, ndipo a bodi ayenera kuiona imeneyo asanaone china chilichonse. Zotsalazo muzitenga mu manejimenti leta, n'kuzisanja m'tebulo, chofooka chilichonse pa mzere wake.

Tiyerekeze kuti masamba atatu akukamba za ndalama zimene antchito amatenga popita kumidzi osabweza malisiti. Mmenemo muli zimene maodita aona, zimene malamulo a bungwe lanu amanena, chimene chayambitsa, zimene zingachitike, malangizo awo, ndi yankho lanu. Inu mungalembe chonchi: "Mwa maulendo 25 amene maodita anaunika, 9 analibe malisiti patapita masiku oposa 14 amene malamulo athu amalola, ndalama zake ndi K6.3 miliyoni." Basi. Koma 25 ija musaichotse pofuna kupulumutsa malo. Maodita sawerenga mapepala onse, amangotapako. Mukalemba kuti maulendo 9 okha, a bodi aganiza kuti vuto lonse ndi lomwelo, pamene mwina chaka chimenecho munali maulendo 300 ndipo enawo sanawaone n'komwe.

Pa kukula kwa chiopsezo ndi pamene mtima umayesedwa, makamaka poti zina zikuloza ofesi yanu. Koperani monga maodita alembera: chachikulu, chapakati kapena chaching'ono. Lamulo la ntchito yawo, ISA 265, limawauza kuti zofooka zikuluzikulu azilembere amene amayang'anira bungwe, koma silinaike magulu atatuwa. Kampani iliyonse ya maodita ili ndi matanthauzo ake, ndiye aikeni m'munsi mwa tebulo mwachidule. Ngati simukugwirizana nawo, siyani muyeso wawowo pomwepo, mulembe pambali kuti akuluakulu a bungwe akutsutsa ndi chifukwa chake. Ndinaonapo wina atatsitsa chachikulu kukhala chapakati mwakachetechete. Membala mmodzi wa bodi anali ndi lipoti lathunthu m'chikwama, ndipo msonkhano wonse unathera pa munthuyo, za vuto lenilenilo zinaiwalika.

Musasanjenso potengera kuchuluka kwa ndalama. Ngati munthu mmodzi ndiye amakonza malipiro ndi kuwavomereza yekha, mwina sipanasowe ndi tambala yomwe, komabe maodita akhoza kuchiika pa chachikulu chifukwa khomo lili pululu. N'chimodzimodzi PAYE imene inadulidwa pa malipiro koma sinafike ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira: ndalama ingakhale yochepa, koma chilango chimabwera. Zimene zinatulukanso chaka chatha zilembeni kuti "zabwerezanso". A bodi ndi opereka thandizo amayang'ana pamenepo.

Gawo lachitatu ndi limene anthu ambiri amalakwitsa. Malangizo a maodita si zimene mwagwirizana. Maodita akhoza kunena kuti gulani pulogalamu yatsopano ya maakaunti, inu n'kuyankha kuti ndalama palibe, m'malo mwake wachiwiri kwa mkulu azisaina mwezi ndi mwezi. Cholowa m'tebulo ndi yankho lanulo. Ndipo mukapeza yankho loti `Noted` lokha, pamenepo palibe chimene mwalonjeza. Musapeke nokha. Pitani kwa mwini nkhaniyo, akuuzeni chimene achite, tsiku lake, ndi umboni umene adzaonetse. Pa malisiti aja zituluke motere: "Mkulu wa zachuma atolera malisiti kapena ndalama za maulendo onse 9 pofika pa 30 Juni, amene sanabweze zakale sapatsidwa zina, mndandanda wa otsala uzipita ku komiti ya zachuma mwezi uliwonse." Pakhale udindo umodzi wokha pa mzere uliwonse. Mukalemba kuti "ofesi ya zachuma ndi ya mapulogalamu", aliyense adikira mnzake.

Zing'onozing'ono, monga katundu wopanda manambala, ziunjikeni m'mzere umodzi, mutchule kuti zilipo zingati ndi masamba amene zikupezeka. Werengani zonse, kuphatikizapo zounjikidwazo: ngati maodita apeza zinthu 17, tebulo lanu lionetse 17. Ndipo popeza zina ndi za ofesi yanu, musanatumize kwa apampando pemphani amene anatsogolera maoditawo kuti aone masamba awiriwo, akuyankheni pa imelo kuti simunasinthe tanthauzo.